Kalata kwa wogula amene ananyamula soya osalipira

Lero tikambirana za kalata imodzi yokha, imene mlimi amalembera wogula amene ananyamula zokolola, n'kulonjeza kuti ndalama zikubwera, kenako n'kuyamba kuzemba. Ngati muli ndi kope ndi cholembera pafupi, zitengeni, chifukwa kalatayo ndiiwerenga yonse.

Nkhani zotere kawirikawiri sizichitika ndi mlendo. Venda wachilendo mlimi samupatsa thumba ndalama asanaione. Amene amanyamula pangongole ndi munthu wodziwika, amene wakhala akugula m'mudzimo zaka zingapo, amene chaka chatha analipira pompopompo, mwinanso mumapemphera naye limodzi. Ndiye akati, "Amayi, galimoto yabwera kale, ndinyamule, akandilipira ku Kanengo ndidzakupatsani," kukana kumavuta. Ndipo pa chifukwa chomwecho, kulemba kalata kumavutanso. Mlimi amaona ngati akalemba ndiye kuti wadula chibale. Amangoimba foni, kutuma mwana, kudikirira pa tsiku la msika, mwezi n'kutha.

Tiyeni titenge chitsanzo. Manambala ake ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirirepo, koma kachitikidwe kake ambiri mukadziwa. Mayi wina wa kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji wakolola soya. Pa 13 Meyi wogula wabwera ndi sikelo yake, ayeza matumba 32, lililonse makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi makilogalamu 1,600. Agwirizana K1,200 pa kilogalamu, ndiye kuti K1,920,000. Wogula wapereka K400,000 pa Mpamba tsiku lomwelo, n'kunena kuti zotsala abweretsa pakatha masabata awiri, pa 27 Meyi. Tsikulo lafika, zii. Mayi aja aimba foni kangapo, ndipo pa 5 Juni alandira K100,000 ina ndi mawu akuti "yambani mwagwirako iyi." Kuchokera apo foni ikangolira, wogula akudula. Zotsala ndi K1,420,000.

Munthu akapsa mtima, kalata imene imayamba kubwera m'mutu ndi ya mkwiyo. Imati: ndinu wakuba, mulibe chisoni, ana anga abwezedwa kusukulu chifukwa cha inu, Mulungu akuonani. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, ndipo sindikunena kuti mayiyo alibe chifukwa chokwiyira. Koma kalata yotere mukaiwerenga mpaka kumapeto simupezamo kuti matumba anali angati, mtengo unali wotani, ndiponso kuti zotsala ndi zingati. Wogula amaiwerenga, n'kuipinda, n'kuuza anzake kuti mayi uja wanditukwana. Nkhani yasanduka ya kutukwanana, ya ndalama yaiwalika.

Chimene ndikufuna mugwire lero n'chakuti kalata iyi ili ndi owerenga awiri. Woyamba ndi wogula uja. Wachiwiri ndi munthu amene sanalipo tsiku loyeza soya, amene sakudziwani inu kapena wogulayo: akhoza kukhala a mfumu, wapampando wa komiti ya msika, kapena majisitireti. Mukamalemba, muziganiza za munthu wachiwiriyu. Iyeyu akamaliza kuwerenga adziwe amene anatenga, chimene anatenga, tsiku, mtengo, zimene zaperekedwa ndi zimene zatsala, popanda kufunsa funso. Mgwirizano wanu unali wapakamwa, ndipo malamulo amauvomereza mgwirizano wapakamwa. Vuto lake ndi umboni. Kalata imatenga mawu amene munalankhulana pafupi ndi sikelo n'kuwaika papepala, ndipo wogula akailandira amayenera kuvomera, kutsutsa kapena kukhala chete. Chilichonse mwa zitatuzi chimakusiyirani kanthu kogwira.

Tsono nayi kalata ya mayi uja. Pamwamba alemba dzina lawo lonse, mudzi, mfumu yaikulu, boma, nambala ya foni ndi tsiku, 24 Juni 2025. Kenako dzina lonse la wogula ndi kumene amapezeka. Mutu wake ndi wakuti: Ndalama zotsala za soya, K1,420,000. Ndipo ikuti:

"Bambo, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndalemba kalatayi pa nkhani ya soya amene munagula kwa ine.

"Pa 13 Meyi 2025 munabwera pakhomo panga ndipo munayeza ndi sikelo yanu matumba 32 a soya, lililonse makilogalamu 50, onse pamodzi makilogalamu 1,600. Tinagwirizana mtengo wa K1,200 pa kilogalamu, ndalama zonse K1,920,000. Soyayo munamuona, munamuvomera, ndipo munanyamula tsiku lomwelo pa galimoto imene munabwera nayo. Poyezapo panali mlembi wa kalabu yathu ndi mchimwene wanga, ndipo mlembiyo analemba matumbawo m'kope la kalabu.

"Tsiku lomwelo munanditumizira K400,000 pa Mpamba, ndipo munalonjeza kupereka zotsala pa 27 Meyi. Pa 5 Juni munatumizanso K100,000. Zonse zimene ndalandira ndi K500,000. Zotsala ndi K1,420,000.

"Ndikupempha kuti mundipatse K1,420,000 imeneyi pofika pa 8 Julaye 2025, kudzera pa nambala ya Mpamba imene ili pamwambapa, kapena pamanja pamaso pa mboni. Ngati pali nambala imene simukugwirizana nayo m'kalatayi, mundiyankhe polemba lisanafike tsikulo. Ngati simungathe kupereka zonse nthawi imodzi, bwerani tidzalembe pamaso pa a mfumu masiku amene muzipereka.

"Tsikuli likadutsa ndisanalandire ndalama kapena yankho, ndikasuma kukhoti la majisitireti, ndipo ndikapemphanso kuti mubweze ndalama zimene ndidzawononge pa mlanduwo. Sindikufuna kuti tifike kumeneko. Ine wanu," kenako siginecha kapena chidindo cha chala.

Kalata yonse ndi imeneyo, tsamba limodzi. Mwina ena mukuti yazizira kwambiri, munthu wadyeredwa ndalama zoposa miliyoni angalembe mofatsa chonchi? Ine ndikuti kufatsako n'kumene kukuipatsa mphamvu. Mulibe mawu amene wogula angawatole n'kuthawira nawo. Mulibe "wakuba," chifukwa mawu amenewo akalembedwa n'kuwerengedwa ndi ena, wogula akhoza kutembenuka n'kunena kuti mwamuipitsira mbiri. Mulibenso zoopseza kuti anyamata anga adzakupezani. Chimene mayi alonjeza kuchita ndi chimodzi, kupita kukhoti, ndipo chimenecho ndi ufulu wawo.

Tiyeni tikhalitse pa dzina la wogula, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa asanayambe n'komwe. Pamsika tonse timadziwana ndi maina apamsika. Wina amatchedwa dzina la golosale yake, wina dzina la kwawo, wina dzina la mwana wake. Kukhoti mlembi akakufunsani kuti mukusumira yani, simungayankhe kuti "a soya aja a galimoto yoyera." Samani imafuna dzina lenileni ndi malo amene munthuyo akapezeke. Nanga dzinalo mulipeza kuti? Yang'anani uthenga wa Mpamba kapena wa Airtel Money umene unabwera pamene ankatumiza ndalama. Nambala imaoneka, ndipo mukayesa kutumiza ndalama ku nambala imeneyo foni imakuonetsani dzina la mwini wake musanatsimikize. Lembani dzinalo. Koma chenjerani, likhoza kukhala la mkazi wake kapena la ejenti amene anatumiza m'malo mwake, ndiye funsaninso kwa a komiti ya msika kapena kwa mwini nyumba imene amachita lendi posungira matumba. Uthengawo musaufufute. Foni ikadzaza, fufutani ena, uwu ukhale. Muukoperenso m'kope, tsiku, nthawi, ndalama ndi nambala ya kutumizako, chifukwa foni imagwa m'madzi.

Funso lina logwirizana ndi lomweli ndi lakuti kodi munagulitsa kwa munthuyo, kapena kwa kampani imene amati amaigulira? Ogula ambiri a m'midzi amagula ndi ndalama zawo, n'kukagulitsa ku makampani opanga mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku. Oterewa ngongole ndi yawo. Ena amatumidwa ndi kampani kapena ndi wamalonda wamkulu wa m'tauni, ndipo amakhala ndi buku la malisiti lokhala ndi dzina la kampaniyo. Ngati anakusiyirani kapepala kotero, kalata yanu ipite kuwiri, kwa iye ndi kwa amene dzina lawo lili pamwamba pa lisitilo. Nthawi zina mudzapeza kuti eni ake analipira kalekale, ndalama zinatsakamira m'thumba la wotumidwa.

Tsopano manambala. Mwamva kuti mayi aja alemba K100,000 ya pa 5 Juni, ngakhale inali yochepa moti inawakwiyitsa. Pali chiyeso chosiya kutchula ndalama zazing'ono zotere, kapena kuonjezerako matumba awiri poti munthuyo wakuvutitsani. Musayerekeze. Wogula akangoonetsa uthenga umodzi wotsimikiza kuti anapereka ndalama imene inu simunailembe, womvera mlandu amayamba kukayikira zonse zimene mwanena. Ndipotu K100,000 ija ili kumbali yanu. Munthu amene alibe nanu ngongole sangakutumizireni ndalama patatha masabata atatu chinyamulireni katundu, n'kunena kuti yambani mwagwirako. Kutumizako kukuonetsa kuti akudziwa kuti pali zotsala.

Chimodzimodzinso chiwongoladzanja. Ena amalemba kuti poti mwachedwa mwezi, muonjezere theka. Ngati simunagwirizane zimenezo tsiku logulitsa, musazilembe, chifukwa zimenezo zayamba kufanana ndi katapila ndipo zipatsa wogula poyambira mkangano. Funani mtengo umene munagwirizana. Za kuchedwa mukazinene kukhoti, woweruza ndiye akaone.

Kalata yalembedwa. Ikafike bwanji? Lembani ziwiri zofanana, kapena kachititseni fotokope pa tauni. Imodzi ya wogula, ina yanu. Musatume mwana wa sukulu. Pitani nokha ndi munthu wamkulu mmodzi, kapena tumani munthu amene angathe kudzaima n'kunena kuti ndinapereka ndine, tsiku lakuti, malo akuti. Mumupemphe wogula asaine pa kope lanu kuti walandira. Akakana kusaina musalimbane naye. Amene mwapita nayeyo alembe kumbuyo kwa pepala lanu kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti, mwini wake wakana kusaina, n'kusaina iyeyo. Ngati wogula ali pa WhatsApp, jambulani kalatayo mumutumizirenso pamenepo. Kuyambira m'chaka cha 2016 dziko lathu lili ndi lamulo lovomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni, choncho yankho limene angalembe pamenepo lisungeni ngati mmene mungasungire lisiti.

Masiku 14 amene mayi apereka si lamulo. Mukhoza kupereka 7, mukhoza kupereka 21. Chofunika n'chakuti likhale tsiku lenileni la pa kalendala. Mawu akuti "msanga" kapena "posachedwa" wogula amawamva mwa iye yekha, ndipo kwa iye posachedwa akhoza kukhala Okutobala.

Tiyeni tione zimene wogula angayankhe, chifukwa mayankho ake amadziwika kale.

Loyamba, limene mudzalimva kawirikawiri, ndi lakuti, "Amayi, kumene ndinakagulitsa sanandilipire, akangondipatsa ndibwera." Zikhoza kukhala zoona. Koma funso ndi lakuti pa 13 Meyi paja munagwirizana chiyani. Ngati mayi anagulitsa soya kwa bamboyu pa K1,200, soyayo anakhala wa bamboyu pamene ankakwera galimoto, ndipo ndalama ayenera kulipira ndi iyeyo, kaya kutsogoloko amulipira kaya ayi. Akanakapeza mtengo wa K1,500 ku Lilongwe, phindu la K300 pa kilogalamu akanagawana ndi mayi aja? Ayi. Ndiye kuchedwa kwa kumeneko sangagawane nawonso. Zimasiyana pokhapokha ngati mlimi anachita kumutuma kuti kandigulitsireni, mudzatengepo yanu ya ntchito. Pamenepo soya akadali wa mlimi mpaka atagulidwa, ndipo chimene mlimi angafune ndi kuona malisiti a kumene anagulitsidwa. N'chifukwa chake m'kalata muja mwamva mawu akuti "soya amene munagula kwa ine," ndi mtengo wake pa kilogalamu. Wogula akayankha kuti sanandilipire, osatsutsa mawu amenewo, wavomera kuti anagula.

Yankho lachiwiri ndi lakuti mtengo unagwa. "Nditafika ku Kanengo ndinapeza akugula K1,050, ndiye ine ndingakwanitse K1,000 basi." Tiwerengere. K200 pa kilogalamu kuchulukitsa ndi 1,600 ndi K320,000. Ndiye kuti akufuna mayi alandire K1,100,000 m'malo mwa K1,420,000. Mitengo imagwadi, ndipo nthawi zina imagwa moopsa. Alimi a nandolo a ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Balaka akukumbukira chaka cha 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo amene limagula kunja, mtengo n'kugwa mwadzidzidzi, ogula ambiri n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Koma kugwa kwa mtengo pambuyo poti mwagwirizana sikusintha mgwirizano. Mlimi akhoza kusankha yekha kuchotserako, poona kuti ndi munthu amene adzamufunenso chaka chamawa, kapena poona kuti ndalama ya lero iposa ya m'tsogolo. Kumeneko ndi kusankha kwake, ndipo ine sindinganene kuti walakwa. Koma akachotsera, achotsere posinthana ndi kanthu: ndalama zonse zotsalazo ziperekedwe tsiku lomwelo, pamanja. Kuchotsera K320,000 n'kulandiranso lonjezo lina ndiko kuluza kawiri.

Yankho lachitatu ndi lakuti soya anali woipa, anali ndi zinyalala, anali wosauma, ndiye anandidula makilogalamu awiri pa thumba. Makilogalamu awiri pa matumba 32 ndi 64, pa K1,200 ndi K76,800. Apa funsani zinthu ziwiri. Kodi poyeza paja sanatsegule matumba, sanapise dzanja, sanalume njere kuti amve kuuma? Wogula aliyense wodziwa ntchito yake amatero. Ndipo kodi dandauloli analinena liti? Munthu amene wanyamula katundu atamuona, wakhala naye masabata asanu ndi limodzi osanena kanthu, wamugulitsa, n'kudzatulukira zinyalala tsiku limene walandira kalata, dandaulo lake ndi lopepuka. Ngati akunenetsa, abweretse pepala la kumene anakagulitsa loonetsa kudulako. Likakhalapo, ndipo mukudziwa mumtima kuti kupeta kunali kothamanga, K76,800 si ndalama yoti muimitsire K1,343,200 yotsalayo. Gwirizanani, lembani, alipire.

Pali yankho lina labwino kuposa onsewa, ngakhale silimveka choncho, lakuti, "Ndavomera, koma zonse pakamodzi sindingathe." Musalikane, koma musalilandirenso pakamwa. Pitani kwa a mfumu kapena kwa wapampando wa kalabu, mulembe pepala lachiwiri. Linene kuti ine wakutiwakuti ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole ya K1,420,000 ya soya kwa mayi akutiakuti, ndipo ndipereka K500,000 pa 15 Julaye, K500,000 pa 31 Julaye ndi K420,000 pa 15 Ogasiti. Muonjezere mzere umodzi wofunika kwambiri, wakuti ndikaphonya tsiku limodzi, zotsala zonse zifunika nthawi yomweyo. Asaine, alembe nambala ya chiphaso chake cha unzika, mboni ziwiri zisaine, a mfumu adinde. Pepala limeneli likakhala m'manja mwanu, mkangano wa matumba, wa sikelo, wa zinyalala watha. Kunena zoona, ngakhale kalata yoyamba ija itapanda kubweretsa tambala, ikangobala pepala ili yagwira ntchito.

Nanga akakhala chete, 8 Julaye n'kudutsa? Pamenepo chitani chimene munalemba. Kalata yachiwiri, yachitatu, yachinayi, iliyonse yonena kuti ino ndi yomaliza, imangomuphunzitsa wogula kuti simupita kulikonse.

Ambiri amathamangira kupolisi. Kumeneko nthawi zambiri akakuuzani kuti nkhani ya ngongole si yawo, pitani kukhoti, ndipo sakhala akukuthamangitsani chabe. Kulephera kulipira katundu amene unagula si mlandu womangitsa munthu. Zimasintha ngati panali chinyengo kuyambira pachiyambi, monga munthu amene anapereka dzina labodza, ananama kuti watumidwa ndi kampani imene sikumudziwa, kapena anaonetsa uthenga wabodza wa ndalama pa foni. Zotero ndi kutenga katundu mwachinyengo, ndipo apolisi zimawakhudza. Koma wogula wathu uja, wodziwika, amene anapereka K500,000, nkhani yake ndi ya kukhoti la majisitireti. Mukapita kwa mlembi wa khoti ndi kope la kalata, kope la kalabu, mauthenga a pa foni ndi maina a mboni, iye akakuuzani khoti loyenera malinga ndi kukula kwa ndalamazo, ndi ndalama yolipira potsegula mlandu. Mukalipira, tengani lisiti. Simukakamizidwa kukhala ndi loya, ndipo amene akufuna uphungu koma alibe ndalama akhoza kukafunsa ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, ya Legal Aid Bureau.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale mtima utawawa bwanji: kupita ndi achibale kukalanda njinga yamoto, sikelo kapena matumba a wogula kuti mugwirizire. Mukatero, amene akagone m'chitolokosi ndi inu. Kulanda katundu wa wangongole ndi ntchito ya asherifu, khoti litagamula.

Ndisakunamizeni kuti kalata kapena khoti ndi mankhwala a chilichonse. Chigamulo ndi pepala lonena kuti munthuyo akulipireni. Ngati alibe kalikonse, ngati ndalama za soya wanu anabwezera ngongole ina kapena anazimwera, asherifu alibe choti agulitse. Ndipo ogula otere kawirikawiri sakhala ndi ngongole kwa mlimi mmodzi. Amanyamula kwa uyu kuti alipire uja. Apa ndiye pali chifukwa chosachedwera. Akuluakulu anati mlandu suola, koma lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zokha zosumira ngongole yochokera pa mgwirizano, ndipo ndalama imaola msanga kuposa pamenepo. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene ndalama yake inali kwa munthu pangongole nthawi imeneyo, n'kudzailandira chaka chotsatira, anaona yekha kuti matumba a feteleza amene ikanagula achepa. Kwa mlimi wa soya wa ku Mchinji, ndalama ya mu Meyi ndi imene imagula mbewu ndi feteleza mvula isanagwe mu Novembala. Ikabwera mu Januwale yapeza munda utadzalidwa kale mbewu yobwereza.

Ngati mwamva kuti m'mudzi mwanu kapena mudzi woyandikana muli ena amene wogula yemweyo sanawalipire, aliyense alembe kalata yakeyake, ndi manambala akeake, koma mukapereke tsiku limodzi, ndipo kwa a mfumu ndi kukhoti mupitire limodzi. Mudziwitsenso alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Ogula mbewu amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku unduna wa zaulimi, ndipo wogula amene akufuna kudzaimikanso sikelo pamalo omwewo chaka chamawa safuna kuti dzina lake limveke ku ofesi ya zaulimi pa nkhani yotere.

Mwina wina akumvera pano akuti, ine ndilibe kope la kalabu, ndilibe lisiti, tinangoyeza awiriwiri. Lembanibe. Khalani pansi usiku uno mukumbukire tsiku, kapena chimene chinachitika sabata imeneyo chimene chingakuthandizeni kupeza tsikulo. Kumbukirani anyamata amene anakweza matumba, chifukwa aganyu amawerenga matumba, malipiro awo amachokera pamenepo. Kumbukirani mwini ngolo kapena dalaivala, ndi amene munagulako matumba opanda kanthu. Onsewo ndi mboni. Ngati kulemba kumakuvutani, pemphani mphunzitsi kapena mlembi wa kumpingo akulembereni, akuwerengereni mokweza kawiri, mumve ngati manambala ali momwemo, ndiye mudinde chala.

Ndipo kwa inu ogula amene mukumvera, amene kalata yotere ili m'thumba la jekete kuyambira sabata yatha: iyankheni. Ngati manambala ndi olakwika, lembani olondola. Ngati ndi oona, pitani kwa mayi aja ndi zimene muli nazo, mukasaine masiku a zotsalazo pamaso pa a mfumu, tsiku limene analemba lisanakwane.